Simenti ya a Sukulu pa Mijigo ya a Madzi

Simenti siyembekeza munthu. Ukaisunga nyengo yonse ya mvula, ngakhale uyale matabwa pansi, imayamba kugwirana m'makona mwa thumba, kenako thumba lonse limasanduka mwala. Ine zimenezi ndinazidziwa kale, ndili mnyamata wotungira madzi amisiri ku Mpingu. Ndiye pamene ndinalembedwa ntchito yosunga katundu pa kabungwe kathu ka ku Nsaru, lamulo langa linali limodzi: chimene chinayamba kulowa, chiyambenso kutuluka. Palibe amene anandiphunzitsa. Sukulu ndinalekezera Sitandade 7, koma lamulo limeneli ngakhale mayi wosunga chimanga m'nkhokwe amalidziwa.

Kabungwe kathu sikanali kakakulu. Tinali ndi abwana, amayi a akaunti, alangizi a kumidzi awiri, dalaivala, ndi ine. Ndalama zinkachokera kwa madona, ndipo chaka chimenecho akuluakulu anali awiri. Ena ankalipira zokumba mijigo, ife tinkangowatchula kuti a madzi. Ena ankalipira zomanga zimbudzi pa masukulu a pulayimale, amenewo ndiwo a sukulu. Kale zonse zinkalembedwa m'mabuku ndi pamanja. Koma kenako kunabwera sisitemu ya pa kompyuta, yoti kugula, kusunga katundu, malipiro, zonse zimakumana malo amodzi. Chilichonse cholowa mmenemo chimayenera kukhala ndi nambala ya mwini ndalama, amati khodi. Popanda khodi, kompyuta imakana. Ndiye ikafika nthawi ya malipoti, amayi a akaunti amangodina, a madzi n'kulandira lipoti la ndalama zawo zokha, a sukulu lawonso lokha. Wina saona za mnzake.

Ine kompyuta sindinkaigwira. Ntchito yanga inali kulemba kavocha katundu akamatuluka, n'kukapereka ku ofesi. Makhodi aja anali ataliatali, ofananafanana, ndiye ndinapeza nzeru yanga. Katundu wa a sukulu ndinkamupaka penti yofiira pakona, wa a madzi yabuluu. Pakhoma ndinalemba khodi iliyonse pansi pa mtundu wake. Ndikatulutsa thumba lofiira, ndinkakopera khodi yofiira. Ndinkadziona wochenjera, ndisaname.

Mvula ili pakati, a sukulu anagula matumba sikisite a simenti. Koma zimbudzi sizinayambe. Njerwa zinayenera kuumbidwa ndi makolo, ndipo makolo anali m'munda, kenako kusoka fodya, kenako kukumba mtedza. Matumba aja anangokhala. Ndinkati ndikadutsa n'kumawagogoda ndi chala ngati mavwende.

Mvula itatha, a mijigo anakumba malo asanu ndi amodzi, ena chakuno, ena cha ku Kabudula, umodzi kufupi ndi Nambuma. Mjigo uliwonse umafuna simenti yomangira pansi pake ndi ngalande yopititsa madzi. Alangizi a mijigo, mnyamata wamtali wokonda kuseka, anabwera pakhomo pa sitolo.

"Asitolo, simenti ilipo kodi, kapena ndilembe zogula?"

"Ilipo, ndipo ikulira kuti ituluke."

"Basi ndiye, teni-teni pa mjigo uliwonse."

Ndinatulutsa. Matumba anali ofiira, ndinalemba khodi yofiira. Pamalo poti katundu akupita kuti, ndinangolemba kuti kumudzi. Mumtima ndinkati a sukulu akadzakonzeka, a madzi adzagula ina yatsopano n'kubweza, aliyense wapindula. Kodi si mmene timachitira ndi mbewu? Ukabwereka ndowa ya mtedza kwa mnansi, umadzabweza ndowa. Sindinauze aliyense, chifukwa sindinaone choti n'kuuza munthu.

Panapita miyezi itatu. Tsiku lina m'mawa, kunja kutayamba kale kutentha, amayi a akaunti anandiitana. Anali munthu wosakweza mawu, wamng'ono kwa ine, koma akati khalani pansi umakhala. Anatembenuza kompyuta kuti ndione.

"Bambo, onani apa. Ili ndi lipoti la a madzi. Mzere uwu ndi wa simenti. Apa ndi ndalama zimene anatipatsa, apa ndi zimene tagwiritsa. Mukuonapo chiyani?"

"Ziro."

"Ziro. Koma mijigo yonse yamangidwa, zithunzi ndili nazo. Yamangidwa ndi phala?"

Anatsegula lina. "Ili ndi la a sukulu. Simenti yonse yagulidwa, yonse yatuluka m'sitolo. Chimbudzi palibe ngakhale chimodzi."

Ndinafotokoza zonse, mosabisa, mwinanso monyadira pang'ono. Ndinati ndinapulumutsa simenti. Anandimvetsera mpaka kumapeto, kenako anavula magalasi n'kugwira pamphuno.

"Thandizo la a madzi likutha kumapeto kwa mwezi uno. Ndalama imene sitinagwiritse imabwerera kwawo. Ndiye ndalama ya simenti ibwerera, chifukwa kwa iwo sitinagule simenti. A sukulu nawonso ndalama yawo yatha, simenti yawo yatha. Zimbudzi timanga ndi chiyani?"

"Ndiye tigule msanga ndi ndalama ya a madzi, mwezi usanathe. Tibweze."

"Tigule simenti ya mijigo, mijigo itamangidwa kale? Risiti ya lero, ntchito ya miyezi itatu yapitayo, simentiyo n'kukapezeka pa sukulu. Owerengera mabuku akadzabwera adzati tadya ndalama za a madzi pa ntchito ya eni ena. Pamenepo sitibweza ya simenti yokha, bambo. Amatha kutseka mpopi wonse."

"Nanga osangofufuta khodiyo n'kulemba inayo?"

"Muno simufufutika kanthu. Miyezi imeneyo inatsekedwa, lipoti la a sukulu linapita kale. Chimene chingatheke n'kusamutsa. Ndilembe m'mwezi uno kuti mtengo wa matumbawo uchoke kwa a sukulu, upite kwa a madzi, pa mtengo womwewo umene tinagulira. Zakale zija zimakhalabe zikuoneka, kukonzaku kukuonekanso. Mwayi wake simentiyo inagulidwa thandizo la a madzi litayamba kale, ndipo tinafunsa mitengo m'masitolo atatu monga amafunira. Koma sindingasamutse ndi pakamwa. Mavocha anu onse akuti kumudzi. Mudzi uti? Analandira ndani?"

Malawi yense ndi kumudzi, eti.

Masana abwana anatiitana tonse atatu, ine, amayi a akaunti, ndi alangizi aja. Abwana anali munthu woti akakwiya amalankhula pang'onopang'ono ngati akuwerenga kalata ya maliro. Anati bodi ya bungwe yakhala ikufunsa chifukwa chimene sitolo ili m'manja mwa munthu wopanda satifiketi, pamene sisitemu ikufuna wodziwa kompyuta. Anati iwo akhala akundiikira kumbuyo zaka zisanu ndi zitatu.

"Koma ndalama iyi ikabwerera, achimwene, ndilibenso choyankha. Mudzapita. Ndikukuuzani maso ndi maso kuti musadzamve kwa ena."

Amayi a akaunti anati akufuna kalata zisanu ndi imodzi, mjigo uliwonse yake, yonena kuti komiti ya mjigo inalandira matumba angati, nthawi yanji, n'kusayinidwa ndi apampando ndi mboni, komanso mmisiri ngati apezeka. Anati akutseka mwezi pakatha masiku khumi.

Galimoto inali ku garaja ku Lilongwe. Njinga yamoto inali ndi alangizi enawo, amene anali pa maphunziro ku Namitete sabata yonse. Titatuluka, alangizi a mijigo anandikokera kuseri kwa sitolo.

"Asitolo, zala muli nazo zingati? Khumi. Ine khumi. Inki ili mu ofesi. Makalata sikisi okha, tikhala pansi pa mtengo apa theka la ola, tidinda tokha."

Ankaseka, koma sikuti ankangocheza. Nayenso anali ndi mantha, paja ndiye anati teni-teni osalemba zogula. Ndinamuuza kuti ine ndalakwa kale kamodzi mosadziwa, sindikufuna kulakwa kachiwiri ndikudziwa. Komanso, kunena zoona, ndinkaopa amayi a akaunti. Munthu uja angathe kuzindikira chala cha munthu wa mu ofesi.

Mafomu amayi a akaunti anandisindikizira madzulo omwewo. Anandichenjeza chinthu chimodzi.

"Deti alembe la tsiku limene akusayina. Musawauze kuti abwerere m'mbuyo. Kalatayi ikunena kuti lero tikutsimikiza zimene tinalandira nthawi yakuti. Mwamva?"

"Ndamva, amayi."

Ndinapopa njinga yanga yakapalasa, mafomu ndinawaika m'pepala la pulasitiki n'kumanga pachifuwa mkati mwa malaya. Akazi anga anandikazingira mtedza. Anangoti, "Mukafika kwa eni ake muyambe mwapereka moni, osayamba ndi mapepala anuwo." Amandidziwa.

Nyengo imeneyo munthu sumupeza pakhomo. Amuna ali ku dambo, kuthirira nazale za fodya. Akazi ali ku dimba. Mudzi woyamba ndinafika dzuwa lisanakwere, ndinapeza agalu ndi ana. Ndinalondola mpaka ku dambo, n'kupeza apampando atanyamula makheni awiri. Ndinawalandira imodzi, tinathirira limodzi mabedi atatu, ndipo pamenepo m'pamene anafunsa chimene ndadzera. Anakumbukira bwino. Matumba khumi, anasungidwa m'nyumba mwawo masiku anayi. Anasayinira pachishalo cha njinga yanga.

Midzi iwiri yotsatira sinavute kwenikweni, kungoti pena mboni inali ku chigayo ndipo ndinadikira mpaka dzuwa kupendeka. Wachinayi, cha ku Kabudula, ndiko kunali mkangano. Apampando akuti anali matumba asanu ndi atatu, msungichuma akuti khumi ndi awiri, ndipo anthu awiriwa anali pachilamu, osagwirizana ngakhale pa za mvula.

"Alamu, inu tsiku limenelo munali ku mowa," anatero apampando.

"Ndinali ku mowa, inde, koma maso ndinapita nawo? Ndinawasiya pano."

Mkazi wa apampando, amene ankasenda nyemba pakhonde, anadzuka n'kukatulutsa chinsalu chachikulu choyanikapo mtedza. Chinali cha matumba a simenti osokedwa pamodzi. Paja thumba lotere satayira kudzala, anthu amalichapa n'kulisoka. Anachiyala pabwalo. Thumba lililonse linali ndi penti yanga yofiira pakona. Tinawerenga asanu ndi atatu. Apampando anayamba kuseka mlamu wawo.

"Musaseke," anatero mayiyo. "Awiri ndinapatsa achemwali anu."

Anasayina onse awiri, aliyense akunena kuti wapambana.

Wachisanu ndinapita kawiri. Ulendo woyamba kunali maliro, ndipo sungatulutse fomu pa maliro. Ndinakhala nawo, ndinapepesa, ndinabwerera. Pobwerera tcheni cha njinga chinaduka, ndinayenda wapansi kukankha njinga mpaka pa msika. Miyendo inatupa. Akazi anga anati ndipume tsiku limodzi, ine ndinati ndikapuma lero ndidzapuma chaka chonse. Ndinabwererako patapita masiku awiri, n'kusayinitsa.

Unatsala wa ku Nambuma, kutali kuposa yonse, ndipo masiku anatsala atatu. Mafomu ena onse ndinkalemba nambala pamaso pa eni ake. Koma iyi, chifukwa cha changu, ndinalemberatu kunyumba: matumba khumi. Ndinkati ndikangofika, asayine, ndibwerere.

Apampando a komiti kumeneko anali amayi achikulire, Akatolika, omwenso ankatsogolera mphakati wa m'mudzimo. Ndinawapeza pa mjigo pomwepo akukalipira atsikana ochapira pafupi. Titapatsana moni, anatenga fomu, n'kuitalikitsa kumaso, n'kuwerenga liwu lililonse mokweza.

"Khumi?"

"Eya, amayi."

"Bwerani kuno, bambo."

Ananditengera pansi pa mtengo wa mango, pamene amuna anayi ankasewera bawo. Atatu mwa iwo anakhalira zinthu zotuwa, zooneka ngati mitsamiro.

"Tadzukani, alendo aone mipando yawo."

Anadzuka akuseka. Anali matumba atatu a simenti, ouma gwa, nsalu yake itang'ambika, koma penti yofiira ikuonekabe. Mmodzi wa amunawo anati, "Mutithokozere kwa azungu anuwo. Koma ulendo wina atumize yokhala ndi potsamira."

Ine sindinaseke. Amayiwo anati matumba anafikadi khumi, koma mmisiri atatsegula anapeza atatu ali miyala. Anamanga ndi asanu ndi awiri. Anandionetsa ngalande. Inali yaifupi, inathera panjira, madzi akudikha pamenepo, nkhumba zikugonamo.

"Tinauza alangizi anu. Anati abweretsa ena. Mpaka lero."

Apa ndiyenera kunena zimene ndinachita, ngakhale sizindikomera. Ndinawachonderera. Ndinati amayi, matumba anafika khumi, si bodza, fomu ikuti munalandira. Ndinawauza za ntchito yanga, za ana anga awiri a ku sekondale. Ndinkaopa kuti pepala limodzi likasiyana ndi anzake, amayi a akaunti akana onse, kapena abwana adzati mwaona, ankatumiza miyala kumidzi. Ndinalankhula nthawi yaitali, chipewa chili m'manja.

Anandisiya mpaka nditatha.

"Bambo, ine ndikumverani chisoni. Koma pepalali likupita kwa amene analipira mjigo uno, eti? Akawerenga khumi adzati ngalande inatha. Ndani adzabwerenso kuno? Inu ntchito mudzakhala nayo, ife tidzakhala ndi nkhumba."

Ndinayang'ana ngalande ija. Ndinaganiza kuti, komadi, ine ndakana zala za alangizi kuseri kwa sitolo, ndapalasa njinga sabata yathunthu, kuti ndidzapemphe bodza lomwelo kwa munthu wamkulu ngati uyu? Kungoti langa linali laling'ono, la matumba atatu. Ndinatenga cholembera, ndinadula khumi uja ndi mzere umodzi kuti azionekabe, n'kuwapatsa. Analemba okha, ndi zilembo zikuluzikulu: tinalandira khumi, asanu ndi awiri anagwira ntchito, atatu anafika ouma, ngalande sinathe. Anasayina, mboni inasayina. Mmodzi wa a bawo aja anali ndi foni yojambula, ndinamupempha ajambule miyalayo ndi ngalande, n'kutumiza ku foni ya ku ofesi. Anandilipiritsa ya mayunitsi.

Ulendo wobwerera unali wautali. Ndinkangowerengera m'mutu, fifite seveni, fifite seveni, ngati kuti ndikabwereza kambiri ikwana sikisite.

M'mawa mwake ndinaika makalata onse pa tebulo la amayi a akaunti. Anali akuda ndi thukuta, ena opindika. Ya ku Nambuma ndinaiika pansi penipeni. Anawerenga imodziimodzi, akufananiza ndi mavocha anga akale ndi buku la dalaivala, lomwe linkasonyeza tsiku limene galimoto inapita mudzi uliwonse. Mmisiri anali atabwera dzulo lake kudzasayina pepala lakelake. Atafika pa yomaliza anakhala nayo nthawi.

"Mwadula ndinu?"

"Ndine. Ndinalemberatu khumi. Anakana."

"Munawapempha kuti asayine choncho?"

"Ndinawapempha."

Anandiyang'ana, kenako anabwerera ku pepala. "Ndiye tisamutsa fifite seveni. Atatuwo a madzi sangalipire, sanamange kanthu pa mjigo wawo. A sukulu sangalipirenso, sanamange chimbudzi. Apita ku thumba lathu."

Thumba lathu ndi kandalama kochepa kamene bungwe limapeza lokha pobwereketsa holo ya misonkhano, kopanda dona wolamula. Nako kali ndi khodi yake. Ndinali ndisanadziwe kuti ngakhale chinthu chotayika chimayenera kukhala ndi mwini wake mu sisitemu.

Anandiuza ndikokere mpando pafupi. Ndinaona akulemba mizere itatu. Woyamba, khodi ya a sukulu, kuchotsa mtengo wa matumba onse sikisite. Wachiwiri, khodi ya a madzi, mzere wa simenti, kuika mtengo wa fifite seveni. Wachitatu, thumba lathu, atatu. Pansi pake manambala a mbali ziwiri anafanana, ndipo anati akapanda kufanana kompyuta siilola. Makalata anga, invoisi yakale yogulira simenti ija, ndi zithunzi zija anazijambula n'kuzimangirira ku mizere imeneyo, kuti aliyense wodzatsegula adzazipeze pomwepo. Koma sizinalowe. Zinaima, zikudikira abwana, chifukwa wolemba sakhala yemweyo wovomereza.

Abwana anawerenga zonse pa kompyuta yawo, ife titaima. Anafika pa chithunzi cha miyala.

"Ndiye mumatumiza miyala kumidzi."

Ndi mawu omwewo amene ndinkawaopa. Ndinati inde, sindinagogode thumba lililonse pokweza, ndinalakwa. Ndinati koma ndikanatsata penti yokha, osatulutsa, bwenzi lero tili ndi miyala sikisite m'sitolo, yonse ya a sukulu, yolembedwa bwinobwino. Sindikudziwa kumene ndinatenga mphamvu yonena zimenezo.

Amayi a akaunti anayankhula asanafunsidwe. "Abwana, mavochawa ndinalowetsa ndine. Matumba sikisite a zimbudzi anatuluka mwezi umene kunalibe chimbudzi chomangidwa, ine osafunsa. Lipoti la bajeti ndikanalitsegula mwezi uliwonse, ziro uja ndikanamuona kale. Nzeru yotulutsa yakale inali yabwino. Chimene chinasowa n'choti abwere adzanene, tilembe tsiku lomwelo kuti a madzi atenga simenti ya a sukulu. Palibe amene anawauza kuti zimenezo zimatheka."

Alangizi a mijigo anaitanidwa, anafunsidwa za ngalande ya ku Nambuma. Tsiku limenelo sanaseke.

Abwana anabwerera ku kompyuta yawo, akuzunguza cholembera. Kenako anadina povomereza. Amayi a akaunti anabwerera ku tebulo lawo, ine pambuyo, n'kutsegulanso malipoti awiri aja. Pa a madzi, pamene panali ziro panali nambala. Pa a sukulu, ndalama ya simenti inabwerera mu bajeti. Anati mawa alemba ku banki kuti ndalamayo ichoke mu akaunti ya a madzi ipite ya a sukulu, ndi ya matumba atatu ichoke m'thumba lathu, chifukwa kompyuta ikasamutsa, ndalama yeniyeni iyeneranso kusamuka. Analembanso kalata kwa madona onse awiri, kufotokoza zimene zinachitika, poti a sukulu adzaona lipoti lawo latsopano likutsika pamene lakale linakwera. Ndinafunsa ngati dzina langa lilimo. Anati mwalembedwa kuti wosunga katundu. Ndinati wosunga katundu alipo mmodzi. Anati eya.

Pa mzere wa a madzi panatsala ndalama ya matumba atatu, ndipo mwezi unali usanathe. Imeneyo inali yololedwa, chifukwa ngalande inali ntchito yawo yeniyeni, yosamalizidwa. Anagula tsiku lomwelo, vocha ndinalemba dzina la mudzi ndi la wolandira, ndipo alangizi anawamanga pa njinga yamoto, ulendo umodzi awiri, wina limodzi. Mmisiri anamaliza tsiku lomaliza la mwezi.

A madzi anayankha patapita sabata zitatu. Anafunsa mafunso awiri, n'kuvomera. Sabata zitatu zimenezo ndinkapita ku ntchito osadziwa ngati ndili pa ntchito. Ndinkasesa m'sitolo kawiri pa tsiku.

Kenako abwana anandipatsa envulopu. Munali kalata ya chenjezo, yoti ikhala mu fayilo yanga chaka chimodzi. Munalinso mawu oti mtengo wa matumba atatu udulidwa pa malipiro anga pang'onopang'ono, ine nditavomera. Ndinavomera, ndinasayina. Akazi anga anati atatuwo tikanagawana ndi alangizi, ine ndinati wokweza ndinali ine. Sanakhutire, ndipo mpaka lero akaona mnyamata uja pa msika amayankha moni mwachidule.

Mzere womaliza wa kalatayo unkati Lachiwiri ndi Lachinayi lililonse masana ndizikhala ndi amayi a akaunti, kuphunzira kulowetsa ndekha katundu wotuluka mu sisitemu. A bodi anati andipatsa miyezi isanu ndi umodzi, ndikalephera adzaonanso. Ndinali ndi zaka makumi anayi ndi zitatu, chala changa chinali chisanakhudzepo kompyuta. Lachiwiri loyamba ndinadina chinachake, zonse zinazimiririka, ndinaimirira n'kuyamba kupepesa. Amayi a akaunti anati khalani pansi, bambo, mwangotseka tsamba. Ndinakhala, tinayambiranso.